Pepala Likamangotsakamira mu Pulinta

Pulinta ya tona, ija imapezeka m'maofesi ambiri, m'masukulu ndi m'mashopu otayipa makalata, imadziwa pamene pepala lafika powerengera nthawi. M'njira yomwe pepala limadutsa muli timapulasitiki ting'onoting'ono topendekeka. Pepala likafika limakankha kapulasitiki kotere, ndipo likadutsa kamabwerera pamalo pake chifukwa cha kasipuling'i. Amisiri amatitchula kuti masensa. Pulinta ikalamula kuti pepala linyamuke mu thireyi, imayembekezera kuti sensa yoyamba ikankhidwe pa nthawi yake, kenako yachiwiri, kenako zonse zibwerere. Pulinta yaing'ono ngati HP LaserJet P1102 imatulutsa mapepala 18 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti pepala lililonse lili ndi masekondi atatu ndi pang'ono. Likachedwa kufika, kapena likachedwa kuchoka, makina amaima, kagetsi kamaphethira, ndipo pa kompyuta pamabwera mawu akuti Paper Jam.

Mawu amenewa amabwera chimodzimodzi kaya vuto ndi pepala lonyowa, rola yotha, khadi lokhuthala kapena kachidutswa kotsalira mkati. Nthawi zina amabwera mulibe pepala ngakhale limodzi. N'chifukwa chake kuzimitsa ndi kuyatsanso, kumenya pambali pa makina, kapena kusintha katiriji sikuthandiza. Chimene chimakuuzani zoona ndi pepala lotsakamiralo: pamene laima, ndi mmene likuonekera mukalitulutsa. Tsoka ilo, anthu ambiri amalikoka mwaukali, n'kulifinya, n'kuliponya m'bini, umboni wonse n'kupita nalo.

Ulendo wa pepalalo ndi waufupi. Pamwamba pa mulu wa mapepala pali rola, kagudumu kokutidwa ndi labala, yomwe imazungulira n'kukokera pepala lapamwamba mkati. Pansi pake pali kalabala kena kosazungulira, ka padi, komwe ntchito yake ndi kugwira pepala lachiwiri kuti lisatsatire loyamba. Pepala likalowa limadutsa pansi pa diramu la m'katiriji, pomwe ufa wa tona umagwera pa ilo m'maonekedwe a zilembo. Apa ufawo sunamatirire, ukhoza kuufufuta ndi chala. Kenako limalowa mu fyuza, malo otentha pafupifupi madigiri 200, pomwe ufawo umasungunuka n'kumatirira. Likatero marola otulutsira amalikankhira panja. Malo aliwonse mwa anayiwa ali ndi matenda ake.

Pepala likapezeka kuti silinachoke n'komwe mu thireyi, kapena langolowa mutu wokha, ganizirani rola ndi pepala lenilenilo. Akalowa awiri kapena atatu nthawi imodzi, ganizirani padi kapena mapepala omatana. Likaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, mutu wake utapindikapindika timizere tothinana, ndiye kuti likugunda chinachake. Likakulungika mu fyuza kapena kutuluka lili makwinya, nthawi zambiri ndi chinyezi.

Titenge chitsanzo cha shopu yotayipa ndi kusindikiza ya pa boma, m'mwezi wa Januwale mvula ili pakati. Sukulu ina yabweretsa ntchito ya mapepala 300 a mayeso, ikuwafuna Lolemba masana. Lachisanu madzulo magetsi anazima pepala lili pakati pa fyuza. Mnyamata wa m'shopumo, pofuna kutseka, anagwira mchira wa pepalalo womwe unkaonekera cha ku thireyi, n'kulikokera kumbuyo. Linatuluka, koma linang'ambika kungodya. Iye sanalabadire. Lolemba m'mawa pepala loyamba latsakamira. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi, ndipo onse akuima mutu utangodutsa katiriji, ngodya yakumanzere itapindika.

Mwini shopu akuitana mmisiri. "Achimwene, makinawa atha. Mundiuze mtengo wa ena."

"Dikirani kaye, mayi. Pepala loyamba kutsakamira lija lili kuti?"

Funso limeneli ndi la munthu wodziwa ntchito yake. Pepala lililonse lotulutsidwa mu pulinta liyenera kuyalidwa pa tebulo, zidutswa zake n'kulumikizidwa, kuti muone ngati lakwanira. Ngati pakusowa ngodya, ngodyayo ili mkati. Kachidutswa kochepa ngati chikhadabo n'kokwanira kuimitsa ntchito yonse, ndipo kamachita zimenezi m'njira ziwiri. Kakakhala m'njira, pepala lobwera limakagunda, mbali imodzi n'kuima pomwe inayo ikupitirira, ndiye kupindika kwa ngodya kuja. Kakapanikiza sensa, kapulasitiki kaja sikabwerera, ndipo pulinta imakhulupirira kuti muli pepala nthawi zonse. Chizindikiro cha vuto lachiwirili n'chosavuta kuchidziwa: mukangoyatsa makina, musanatumize chilichonse, akudandaula kale za pepala lotsakamira.

Mmisiri uja amayamba ndi kuzimitsa ndi kuzula pulagi kukhoma, n'kudikira mphindi 15 kapena kuposerapo kuti fyuza izizire. Fyuza imawotcha zala zenizeni, si nkhani yoopseza chabe. Kenako amatulutsa katiriji n'kuiphimba ndi pepala kapena nsalu, chifukwa diramu lija, lobiriwira kapena la buluu, limawonongeka likakhalitsa pa kuwala, ndipo salikhudza ndi zala. Katiriji ikachoka, njira yonse ya pepala imaonekera. Amawunika ndi tochi ya foni, kuyambira ku rola mpaka pakhomo pa fyuza, makamaka m'mphepete ndi pansi pa nthiti za pulasitiki zomwe pepala limatsetserekapo. Sensa iliyonse yomwe akuiona amaikankha pang'ono ndi chala. Yabwino imabwerera yokha msangamsanga. Yogona kapena yolimba ili ndi china chake choigwira, kapena kasipuling'i kake kachoka.

Mu chitsanzo chathuchi kachidutswa kapezeka pakhomo pa fyuza kumanzere, katada ndi tona. Pochotsa pamafunika kudekha. Musalowetsemo mpeni, lumo, sizasi kapena waya. M'mapulinta ang'onoang'ono ambiri, fyuza ili ndi chikopa chopyapyala kwambiri chozungulira chotenthetsera. Chikaboola pang'ono chimang'ambika chonse pakapita masiku, ndipo kuyambira pamenepo tsamba lililonse limatuluka ndi chipsera pamalo amodzi, kenako n'kumatsakamira. Munthu wafuna kuchotsa kachidutswa kopanda mtengo, wawononga chipangizo chomwe pa pulinta yaing'ono mtengo wake umayandikira wa makina ena ogwiritsidwapo kale ntchito. Zala n'zokwanira, kapena kachopanira kapulasitiki kosasongoka. Kachidutswa kakakhala kobisika pansi pa nthiti zija, khadi lolimba, monga chikuto cha fayilo, lolowetsedwa pang'onopang'ono motsata njira ya pepala limakakankhira poonekera.

Kutulutsa pepala lonse kulinso ndi kachitidwe kake. Ligwireni ndi manja awiri, dzanja lina ngodya iyi lina ngodya iyo, ndipo kokani pang'onopang'ono ndi mphamvu yofanana. Ngati n'kotheka likokereni komwe linkalowera, osati kumbuyo. Masensa anapangidwa kuti azipendekera mbali imodzi. Pepala likabwerera m'mbuyo limakodwa pa iwo, n'kung'ambika kapena kuwathyola. Pepala lomwe silinadutse mu fyuza lili ndi ufa wosamatirira, ndiye samalani zovala. Ukagwera pa malaya, ukuntheni kaye kenako muchape ndi madzi ozizira. Madzi otentha amachita ntchito ya fyuza, banga n'kukhala lamuyaya.

Kachidutswa kachoka, katiriji yabwezedwa, ntchito yayambanso. Mapepala 20 atuluka bwinobwino. Kenako pakumveka rola ikuzungulira, kawiri, katatu, koma pepala silikunyamuka, makina n'kuimanso. Apa ndi pomwe anthu amatayira mtima, kuganiza kuti mmisiri sanakonze kanthu. Zoona zake n'zakuti mavuto a pulinta yokalamba amabwera mounjikana, ndipo lalikulu limabisa laling'ono. Pepala tsopano likuima malo ena, ndiye kuti nkhani ndi ina.

Rola yatsopano imakhala ndi labala wokhakhala, wa timizere tating'ono tomwe mumatimva mukapitsapo chala. Ikatha imafanana ndi tayala la njinga lomwe mano ake anatha, lomangozungulira pamatope osapita patsogolo. Imasalala, imanyezimira, ndipo nthawi zambiri imayera ndi fumbi. Fumbilo ndi la mitundu iwiri. Lina ndi la panja, lomwe m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse. Lina limachokera ku pepala lenilenilo, chifukwa popanga mapepala oyera amathiramo ufa wonga choko, ndipo mapepala otchipa amautaya wambiri. Ufawu umadzaza timizere ta labala mpaka rola yosatha n'kuoneka ngati yatha.

Choncho musanagule ina, itsukeni. Pa mapulinta a mtundu wa LaserJet 1020 ndi P1102 rola imachoka popanda sikuludiraiva: mukachotsa katiriji imaonekera pakati, ndipo m'mbali mwake muli timapulasitiki tiwiri toigwira, tomwe mukatikankhira kunja rolayo imapendekera kwa inu n'kutuluka. Ipukuteni ndi kansalu koyera kosasiya ubweya, konyowetsedwa pang'ono ndi madzi, mpaka kansaluko kasiye kuda. Idikireni iume kaye musanaibwezere. Petulo, palafini ndi thina zisayandikire. Zimaoneka ngati zathandiza tsiku loyamba chifukwa labala amafewa n'kumamata, koma pambuyo pake amatupa kapena kuuma n'kusweka. Ena amakhula rola ndi sandipepa, ena amatembenuza labala kuti mbali yosatha ibwere kutsogolo. Nzeru zimenezi zikhoza kukupulumutsani pa tsiku la mayeso, koma ndi zobwereka nthawi chabe. Ngati mwatsuka, vuto n'kutha, n'kubweranso patangotha masiku ochepa, rolayo yatha ndithu. Ndi chimodzi mwa zipangizo zotchipa kwambiri mu pulinta, ndipo inapangidwa kuti izisinthidwa, chimodzimodzi katiriji.

Pali kayezedwe kosavuta kodziwira ngati rola ndiyo ili ndi mlandu. Thireyi ikakhala yodzaza bwino makina amakoka, koma mapepala akatsala ochepa amayamba kulephera. Kapena mukakankhiza pepala pang'ono ndi chala pamene rola ikuzungulira, limalowa n'kudutsa popanda vuto. Zikatero njira yonse yam'kati ili bwino, chomwe chikusowa ndi kugwira kwa labala basi.

Posintha rola, sinthaninso padi. Ziwirizi zimatha limodzi popeza pepala lililonse limadutsa pakati pawo, koma padi imaiwalika chifukwa ili pobisika. Pa mapulinta tatchulawa ili kumbuyo cha pansi, yomangidwa ndi masikuluwu awiri. Rola yatsopano yamphamvu ikakumana ndi padi yosalala, imakoka mapepala awiri kapena atatu pamodzi. Pulinta imaona ngati pepala latalika kuposa muyezo wake, n'kuima. Mwini wake n'kumati rola yomwe wagula ndi yabodza.

Mu shopu muja rola yatsukidwa, ikukoka bwino. Koma mapepala akutuluka opindika m'mbali, ena ndi makwinya otsika kuchokera pamwamba, ndipo apa ndi apo lina likukulungika potulukira. Pamwamba pa makina pakuoneka kanthunzi, ndipo pulasitiki ya potulukira yachita timadontho ta madzi. Mwini shopu akuda nkhawa kuti china chake chikupsa. Palibe chikupsa. Ndi madzi a m'pepala omwe akuwira mu fyuza.

Pepala amalipanga ndi ulusi wa mtengo, ndipo ulusiwo umamwa chinyezi cha mumpweya. Likamachoka ku fakitale limakhala ndi madzi ochepa, pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, ndipo chikuto cha limu chili ndi kansalu kopyapyala ka pulasitiki kapena phula koteteza kuti madziwo asachuluke. Chikutocho si chokongoletsera. Mukang'amba limu n'kuisiya yotsegula m'nyengo ya mvula, m'mphepete mwa mapepala mumayamba kumwa chinyezi pomwe pakati padakali pouma. M'mphepete mumafutukuka, pakati ayi, ndiye mulu wonse umachita mafunde. Yang'anani limu chammbali, maso ali pamzere umodzi ndi mapepala, mudzawaona. Pepala louma limalira mukaligwedeza. Lonyowa limakhala lofewa, lozizirira m'manja, ndipo limangogwa osalira.

Pepala lotere limavutitsa paliponse. Mu thireyi limamatirira linzake. M'njira limafooka, moti m'malo mokankha sensa limapindika pa iyo. Pa diramu silikoka tona mokwanira chifukwa chinyezi chimataya mphamvu ya magetsi yomwe imakokera ufawo, ndiye zilembo zimatuwa malo ena. Mu fyuza mbali imodzi imauma msanga kuposa inayo, pepala n'kupotoka. Likapotoka kwambiri mutu wake umaphonya marola otulutsira n'kutsatira fyuza mozungulira.

Kuyeza kwake n'kwa mphindi imodzi: chotsani mapepala onse a mu thireyi, ikani 20 ochokera mu limu yomwe mwangoitsegula kumene. Ngati vuto latha, pulinta ilibe mlandu. Kunena zoona, kuyeza kumeneku kumayenera kukhala koyamba, musanatsegule chitseko chilichonse cha makina, chifukwa sikufuna chida kapena luso. Mu shopu muja zapezeka kuti katoni ya mapepala imakhala pansi pa simenti, pafupi ndi khoma lolowa madzi, ndipo mapepala a mu thireyi anagona momwemo kuyambira Lachisanu. Malimu azikhala pa shelefu kapena m'kabati, atagona chafulati, kutali ndi simenti ndi zenera. Limu yotsegulidwa ipindidwenso m'chikuto chake kapena iikidwe m'jumbo yomanga bwino. Mu thireyi muziikidwa okwanira tsikulo, otsala abwerere m'chikuto madzulo. Mapepala onyowa pang'ono amachira mukawasunga masiku angapo pamalo ouma, koma kuwayanika padzuwa kumawapotola, ndipo omwe anachita kale mafunde akulu ndi bwino angokhala olembapo ndi bolopeni.

Pakatha sabata, kushopu komweko kumabwera munthu wofuna makadi a ukwati kapena masatifiketi, atanyamula mapepala ake olimba. Apa vuto limakhala lodziitanira. Pa chikuto cha limu wamba pamalembedwa 80 g/m², kutanthauza kuti pepala lotalika mita imodzi ndi kutambalala mita imodzi likulemera magalamu 80. Pepala la A4 ndi gawo limodzi mwa magawo 16 a limenelo, ndiye limalemera magalamu 5, ndipo limu ya mapepala 500 imakwana makilogalamu awiri ndi theka. Mapulinta ang'onoang'ono a tona ambiri amalandira kuyambira magalamu 60 mpaka 163. Makadi a ukwati kawirikawiri amakhala a 200, 250 ngakhale 300. Khadi lotere silipindika mokwanira pomwe njira yakhota, ndiye limaima pakona, rola n'kumangolipala. Likadutsa mwamwayi, kutentha kwa fyuza sikulowa mokwanira, ndipo zilembo zimafufutika mukazipaka ndi chala. Makadi 100 okakamizidwa motere amadya labala wa rola ndi kukanda chikopa cha fyuza kuposa malimu angapo a mapepala wamba.

Ngati khadi lili mkati mwa malire a pulinta yanu, iuzeni. Musanasindikize, pa kompyuta lowani pa Printer Properties, pezani Paper Type, musankhe Heavy kapena Cardstock. Mukatero makina amachepetsa liwiro kuti khadi likhalitse mu fyuza, ndiponso amalilola nthawi yokwanira asanaganize kuti latsakamira. Ikani limodzilimodzi. Pulinta ikakhala ndi polowetsera pa mapepala apadera ndi chitseko chotulukira kumbuyo, gwiritsani ntchito zimenezo, popeza njira yake ndi yowongoka. Khadi likaposa malire, mutumizeni kasitomala kwa omwe ali ndi makina akulu. Ndalama ya makadiwo singagule fyuza.

Pali mapepala ena omwe si okhuthala koma ndi oopsa chimodzimodzi. Pepala lonyezimira la zithunzi lopangidwira pulinta ya inki lili ndi utoto wapamwamba womwe umasungunuka mu fyuza n'kumata pomwepo. Tsamba la zomata lomwe zomata zina zachotsedwa kale lisabwerere m'makina, chifukwa zotsalazo zimasendeka n'kumatirira mkati. Mapepala olembedwa kale mbali imodzi, omwe maofesi ambiri amawagwiritsanso ntchito pofuna kupulumutsa ndalama, amabwera ndi ngodya zopindika, mabowo ndi mapini a sitepula, ndipo pini imodzi imakanda diramu mpaka tsamba lililonse kumatuluka ndi mzere wakuda. Mapepala odulidwa pamanja kuchokera ku aakulu amakhala ndi m'mphepete momatana komanso mosawongoka.

Ngakhale pepala labwino limatsakamira likaikidwa molakwika. Thireyi ya pulinta ngati P1102 imatenga mapepala 150, ndipo kupyola pamenepo n'kupanikiza rola. Timapulasitiki totsetsereka ta m'mbali tizingokhudza mulu wa mapepala: tikathina pepala limatukuka pakati, tikatayana limalowa chopendekeka. Musanaike mulu, upindeni pang'ono uku ndi uku kuti mapepala alekane, kenako muugogode pa tebulo kuti m'mphepete mufanane. Ndipo musaonjezere mapepala atsopano pamwamba pa akale makina ali mkati mokoka.

Omwe ali ndi mapulinta a inki, aja a matanki m'mbali, fyuza alibe, koma nkhani ya rola, chinyezi ndi zidutswa ndi yomweyi. Iwo ali ndi vuto lawolawo: polowetsera mapepala pali kumbuyo, poyang'ana kumwamba, ndipo mumagwera zinthu. Pepala likamalowa mbali imodzi yokha n'kupotoka nthawi zonse, wunikanimo ndi tochi. Mumapezeka ndalama yachitsulo, chivindikiro cha bolopeni, kapena kapini ka mapepala.

Malire a zomwe mungachite nokha ndi awa. Ngati mwayesa limu yatsopano, mwaunika njira yonse, masensa akubwerera, rola ndi padi zili bwino, koma pepala likuimabe mu fyuza, kapena mukumva kulira kwa magiya olumphana mano, kapena mukupeza tizidutswa totuwa tonga pulasitiki yopyapyala potulukira, pamenepo pakufunika mmisiri ndi zida zake. Popita kwa iye tengani mapepala awiri kapena atatu otsakamira osawawongola, ndipo pa lililonse mulembe ndi bolopeni mbali yomwe inali kutsogolo ndi malo omwe munalipeza.